Kwathu ndi "zili bwino", kwa ena ndi kutukwana: nkhani ya kachithunzi ka 👌

Mnzathu akatitumizira chithunzi cha suti yomwe wasoketsa kuti akavale ku ukwati, kapena akatiuza kuti mayeso ayenda bwino, ambiri a ife sitivutikanso n'kulemba mawu. Timangodina kachithunzi ka dzanja, kaya 👌 kaya 👍, basi nkhani yatha. Tizithunzi timeneti, tomwe timatchedwa emoji, tidatizolowera kwambiri moti timaganiza kuti munthu aliyense padziko lapansi amatimva mofanana. Timati dzanja ndi dzanja, ndipo chithunzi sichifuna womasulira.

Koma masiku ano sitikuchezanso ndi a kwathu okhaokha. Ena a ife tikuchita maphunziro a pa intaneti limodzi ndi anthu a m'maiko ena, ena tikulemberana ndi aphunzitsi kapena mabwana omwe sitidawaonepo ndi maso. Mwa anthu amenewa alipo omwe adakulira kumene kukhudzanitsa chala chachikulu ndi chamkombaphala, n'kupanga kamkombero, ndi kutukwana koti munthu angamenyedwe nako. Kachithunzi komwe ife tatumiza ndi mtima woyamika kangathe kufika kwa iwo ngati chipongwe, ndipo nthawi zambiri satiuza. Amangoyamba kutiyankha mozizira.

Tiyeni titsate kachithunzi kamodzi, ka 👌, tione momwe zimenezi zimachitikira.

Chimachoka pafoni yathu n'chiyani?

Mawu akuti emoji ndi a Chijapanizi: "e" ndi chithunzi, "moji" ndi chilembo. Gulu lodziwika kwambiri la tizithunzi toyambirira lidajambulidwa mu 1999 ndi Shigetaka Kurita, yemwe ankagwira ntchito kukampani ya mafoni ya NTT DoCoMo ku Japan. Tidalipo 176, ndipo adatikonzera anthu a ku Japan, omwe ankadziwa kale tanthauzo la kalikonse. Mwachitsanzo, chibakera ✊, zala ziwiri ✌️ ndi chikhatho chotambasula ✋ zidali zizindikiro za masewera awo a manja otchedwa janken, pomwe chibakera chimaimira mwala, zala ziwiri sizasi, ndipo chikhatho pepala.

Mu 2010 bungwe la Unicode Consortium, lomwe limapereka nambala kwa chilembo chilichonse chomwe makompyuta amalemba, lidalowetsa tizithunzi ta makampani a ku Japan m'kaundula wake. Kuyambira pamenepo ka 👌 kali ndi nambala yakeyake, U+1F44C, ndi dzina loti OK HAND SIGN. Tikadina kachithunziko, foni yathu situmiza chithunzi ayi. Imatumiza nambalayo, ndipo foni ya mnzathu imayang'ana nambalayo n'kumuonetsa dzanja lomwe kampani yake idajambula.

Ndiye kuti chomwe chimayenda pakati pa mafoni awiriwo ndi nambala yokha. Tanthauzo silikwera nawo ulendowo. Limatsala m'mutu mwathu, ndipo mnzathu kumene aliko amaikapo lake. Dzina lija lili m'kaundula, koma wolandira uthenga saliona. Ngakhale mawu onse a uthenga wathu atamasuliridwa m'Chipwitikizi kapena m'Chifalansa, kachithunziko kamadutsa momwe kalili.

Manja nawonso ali ndi chilankhulo cha kwawo

Zina zomwe thupi limachita zimamveka pafupifupi kulikonse, monga kulira kapena kuseka. Koma pali zizindikiro zina za manja zomwe zimalowa m'malo mwa mawu enieni, moti munthu angathe kuzichita osatsegula pakamwa uthenga n'kumveka. Zoterezi sitibadwa nazo. Timaziphunzira poona akuluakulu, monga momwe timaphunzirira mawu, ndipo zimasiyana malo ndi malo monga momwe mawu amasiyanirana.

Kwathu kuno tili ndi chitsanzo chabwino. Ambiri tidakula tikuuzidwa kuti posonyeza msinkhu wa mwana sitiika dzanja chopingasa chikhatho chitayang'ana pansi, chifukwa umo ndi momwe timasonyezera kukula kwa mbuzi kapena galu. Kwa munthu timaimika dzanja. Mlendo wochokera ku Ulaya akamafotokoza za mwana wake, amayala chikhatho chake choyang'ana pansi mopanda nkhawa, ndipo agogo athu amangoyang'anana. Mlendoyo sadafune kunyoza aliyense. Wangolankhula ndi manja a kwawo.

Kusiyana kumeneku kudafufuzidwa bwino m'zaka za m'ma 1970. Desmond Morris wa ku Britain ndi anzake atatu adatenga zithunzi za zizindikiro 20 za manja n'kuyenda nazo m'malo 40 a m'maiko 25, makamaka a ku Ulaya ndi a m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean. Pamalo alionse ankafunsa amuna 30, onse pamodzi 1,200, ngati chizindikirocho chimagwiritsidwa ntchito kwawoko ndiponso chimatanthauza chiyani. Zomwe adapeza adazisindikiza m'buku mu 1979. Chimodzi mwa zizindikiro 20 zija chidali kamkombero ka chala chachikulu ndi chamkombaphala, ndipo mayankho ake adasiyana kwambiri, ngakhale pakati pa maiko oyandikana.

Mkombero umodzi, matanthauzo anayi

Chinsinsi cha kusiyanaku chili m'maonekedwe a dzanjalo. Zala ziwiri zija zimapanga chinthu chozungulira chokhala ndi bowo pakati, ndipo zinthu zozungulira padziko n'zambiri. Mtundu uliwonse wa anthu udaonamo chinthu chake.

Tanthauzo loyamba ndi lomwe ife timalidziwa, loti zili bwino kapena zachitika mwaluso. Munthu akagwira kanthu kakang'ono kwambiri, monga njere ya mpiru kapena singano, amagwiritsa ntchito zala ziwiri zimenezi, choncho kuyambira kalekale dzanja lotere lakhala likusonyeza chinthu cholongosoka, chopanda cholakwika. Ku Amereka anthu adalilumikizanso ndi mawu akuti OK, popeza mkomberowo umafanana ndi chilembo cha O. Mafilimu, nyimbo ndi malonda a ku Amereka ndizo zidafalitsa tanthauzo limeneli mpaka kutifika ife.

Tanthauzo lachiwiri ndi ziro. Ku France ndi ku Belgium anthu ambiri adaona nambala 0 mumkomberomo. Munthu akafunsidwa kuti filimu inali bwanji, iye n'kupanga kamkombero nkhope itakwinyika, akunena kuti inali yachabechabe, yosayenera kupatsidwa ngakhale malikisi amodzi. Chovuta n'chakuti Afalansa amadziwanso tanthauzo loyamba lija. Chomwe chimasiyanitsa ziwirizi ndi nkhope: akamwetulira ndiye kuti akuyamikira, akakwinya ndiye kuti akunyoza.

Tanthauzo lachitatu ndi ndalama. Ku Japan mkomberowo umaimira ndalama yachitsulo. Pofuna kunena za ndalama, munthu amagoneka dzanja chikhatho chitayang'ana kumwamba, ngati kandalamako kali m'manja mwake. Akaliimika chikhatho chitayang'ana kwa mnzake, Ajapani nawonso amamva kuti zili bwino.

Tanthauzo lachinayi ndilo loopsa. Ku Brazil, ku Turkey, ku Greece, ku Malta ndi m'madera ena a ku Germany, anthu adaona bowo la thupi la munthu, lomwe chimbudzi chimatulukira. Kumuonetsa munthu dzanja lotere ndi kumutchula malo obisikawo, ndipo m'maiko ena mwa amenewa ndi njira yonyozera mwamuna pankhani za kugonana. Ku Brazil chipongwechi chimamveka kwambiri dzanja likatembenuzidwa, mkomberowo n'kuulozetsa kwa munthu. Morris ndi anzake adapezanso kuti ku Tunisia dzanja lomweli limatha kukhala chiopsezo.

Palibe mtundu womwe udalakwitsa pamenepa. Chilembo cha O, ziro, ndalama yachitsulo ndi bowo, zonsezi n'zozunguliradi. Ife tidangolandira limodzi mwa matanthauzo anayiwa n'kuganiza kuti ndi lokhalo.

Zomwe foni imachotsa

Tikaonetsetsa, anthu a m'maiko amenewa sasokonezana kawirikawiri akamalankhulana maso ndi maso. Mfalansa amayang'ana nkhope. Mjapani amayang'ana ngati dzanja lagona kapena laima. Wa ku Brazil amayang'ana komwe mkombero waloza, ndiponso amaona yekha kuti wochita zimenezi ndi mlendo amene akumwetulira ndipo sadziwa za kuno. Zonsezi zimathandiza kuti tanthauzo loyenera lisankhidwe.

Kachithunzi ka pafoni kalibe chilichonse mwa zimenezi. Ndi dzanja lodulidwa pamkono, lopanda nkhope, losayenda, ndipo sitingathe kulitembenuza momwe tikufunira. Komwe layang'ana kudasankhidwa ndi wojambula wa ku Apple, Google, Samsung kapena WhatsApp, ndipo zojambula zawo sizifanana ndendende. Dzanja lomwe ife tikuliona pafoni yathu lingasiyane pang'ono ndi lomwe mnzathu akuliona pa yake.

Vutoli lidakula pomwe mapulogalamu ochezera adayamba kulola munthu kuyankha uthenga pongomatapo kachithunzi. WhatsApp idayamba zimenezi mu 2022. Yankho lotere silikhala ndi mawu ngakhale amodzi pambali pake. Wolandira amatsala ndi zinthu ziwiri zokha zomuthandiza kumva tanthauzo: chikhalidwe chomwe adakuliramo, ndi zomwe zidakambidwa kachithunziko kasadafike.

Tiyerekeze nkhani imodzi

Tinene kuti mmodzi wa ife akuchita kosi ya pa intaneti ya zaumoyo, ndipo aikidwa pagulu la anthu anayi kuti alembe lipoti limodzi. Wotsogolera gululo ndi bambo wachikulire wa ku Brazil. Palinso mayi wa ku France ndi mtsikana wa ku Japan. Onse amalemberana m'Chingerezi. Mnzathuyu ali ndi chizolowezi choyankha ndi 👌 pa chilichonse, ndipo m'sabata imodzi akatumiza katatu.

Lolemba mtsikana wa ku Japan walemba kuti: "Tikumane Lachinayi 3 koloko masana." Mnzathu wamatapo 👌. Apa palibe vuto. Uthengawo ukufuna yankho loti inde kapena ayi, nkhani ya ndalama palibepo, ndipo kachithunziko kadachokera kwawo komweko, komwe amakagwiritsa ntchito povomereza. Tanthauzo la ndalama lilipo m'chikhalidwe chake, koma pano lilibe pokhala.

Lachitatu mayi wa ku France watumiza gawo lake la lipoti, lomwe wagona nalo usiku wonse, n'kufunsa kuti: "Mwaliona bwanji?" Mnzathu wamatapo 👌 osalemba kanthu. Apa zinthu zasintha. Funsoli likupempha kuti ntchitoyo ipatsidwe malikisi, ndipo mayankho onse awiri akukwanapo bwinobwino: "yapamwamba" ndiponso "ziro". Mayiyo mwina aganiza kuti akuyamikiridwa, popeza ndi momwe ambiri amagwiritsira ntchito kachithunzika pafoni. Koma nkhope yomwe ikadamutsimikizira palibe, ndipo ngati dzulo lake adakanganapo ndi mnzathuyu za kachedwedwe ka ntchito, kakaikiro kakhalapo.

Lachisanu bambo wa ku Brazil walemba mokwiya pang'ono: "Gawo lanu ndalikonza lonse ndekha. Chonde, ulendo wina muzitumiza pa nthawi yake." Mnzathu wachita manyazi, ndipo pofuna kusonyeza kuti wamva ndipo sabwerezanso, wamatapo 👌. Apa ndipo pagona ngozi. Munthu akadzudzulidwa amayankha m'njira ziwiri, kuvomera kulakwa kapena kubweza chipongwe. Kwa bambo yemwe adakulira kumene dzanja limeneli ndi kutukwana, ndipo akudziwa kuti wangomukalipira munthu, tanthauzo lachiwirili likukwana kuposa loyamba. Wamng'ono wamutukwana pagulu, anzake akuona.

Munthu ndi yemweyo, kachithunzi ndi komweko, mtima wake ndi womwewo, koma zotsatira zake ndi zitatu. Phunziro lake ndi ili: kachithunzi sikavulaza chifukwa chongoti kwinakwake kali ndi tanthauzo loipa. Kamavulaza pomwe tanthauzo loipalo likukwana pamalo pomwe takaika. Pansi pa chithunzi cha chakudya chokoma, ngakhale wa ku Brazil amva kuti tikuyamikira, ndipo achinyamata ambiri kumeneko amakatumiza okha m'njira imeneyi. Koma pambuyo pa chidzudzulo, mkangano, kapena funso lofuna kuti tiweruze ntchito ya munthu, khomo la tanthauzo loipa limakhala lotsegula.

Mnzathu uja akadalemba kuti "Pepani bambo, ndamva, ulendo wina ndidzatumiza msanga," ngakhale akadaikapo 👌 kumapeto, bamboyo akadangoona kuti mnyamatayu sadziwa za kwathu kuno. Mawu akadagwira ntchito yomwe nkhope imagwira.

Tanthauzo limasinthanso ndi nthawi

Wina angaganize kuti mankhwala ake ndi kuloweza mndandanda wa maiko: uku n'kololedwa, uku ayi. Koma ngakhale m'dziko limodzi tanthauzo silikhazikika. Ku Amereka komwe, kwawo kwa tanthauzo loti zili bwino, kachizindikiroka kadalowa m'mavuto zaka zochepa zapitazo.

Mu 2017 anthu ena a pa intaneti, pamalo otchedwa 4chan, adapangana zofalitsa bodza loti dzanja limeneli ndi chizindikiro chachinsinsi cha azungu atsankho. Ankati zala zitatu zoimirira zikupanga W, ndipo mkombero pamodzi ndi mkono zikupanga P, zilembo zoyamba za mawu awiri a Chingerezi otanthauza mphamvu za azungu. Cholinga chawo chidali kupusitsa atolankhani ndi anthu ena kuti ayambe kuopa chizindikiro chosalakwa. Koma atsankho enieni adayamba kuchigwiritsadi ntchito. Mu Malichi 2019, munthu yemwe adapha anthu 51 m'mizikiti iwiri ya ku Christchurch, ku New Zealand, adapanga chizindikirochi ndi dzanja lake ataimirira m'khothi. Mu Seputembala chaka chomwecho, bungwe la Anti-Defamation League la ku Amereka lidachiika m'kaundula wake wa zizindikiro za chidani, ngakhale lidachenjeza kuti anthu ochuluka amachigwiritsabe ntchito ndi tanthauzo lakale, choncho munthu asaweruzidwe msanga.

Nkhani imeneyi ikutionetsa kuti chomwe chidayamba ngati bodza chidasanduka choona m'zaka ziwiri zokha, chifukwa tanthauzo la chizindikiro ndi chomwe anthu akuchigwiritsira ntchito. Makolo athu zimenezi amazidziwa. Pa nthawi ya riferendamu ya 1993 kuno ku Malawi, kuimika zala ziwiri kunkatanthauza kuti ukufuna zipani zambiri, pomwe chala chimodzi chinkasonyeza chipani chimodzi. Lero mwana wa sukulu amaimika zala ziwiri pojambulitsa osaganizako za ndale. Ndipo abale athu a ku Zimbabwe amadziwa kuti kwa zaka zambiri chikhatho chotambasula chinkaimira MDC pomwe chibakera chinkaimira ZANU-PF. Manja omwe Kurita adajambulira masewera a mwala ndi pepala, kumeneko ndi nkhani ya chipani.

Nanga 👍 ndiye wabwino kulikonse?

Ku Brazil yankho ndi inde. Kumeneko chala chachikulu choimika ndicho chizindikiro cha tsiku ndi tsiku chovomerezera, chothokozera, ngakhale cholonjerera, ndipo amachitcha joinha. Mnzathu uja akadatumiza 👍 kwa bambo aja, sakadamveka ngati watukwana.

Koma chala chimenechi chilinso ndi kwake komwe sichiloledwa. Ku Iran, mwa chikhalidwe chakale, kumuimikira munthu chala chachikulu ndi kutukwana kofanana ndi kumuimikira chala chapakati. Morris ndi anzake adapezanso tanthauzo lolaula ngati lomweli pachilumba cha Sardinia ndi m'madera ena a ku Greece. Chifukwa chake n'chofanana ndi cha mkombero uja: ena adaona chinthu choloza kumwamba, kusonyeza kuti zinthu zikukwera, pomwe ena adaona chiwalo cha mwamuna.

Apa pali kusiyana kumodzi kofunika. Kuyambira mu 2009, pomwe Facebook idaika batani lake la Like lokhala ndi chala chachikulu, anthu miyandamiyanda akhala akuona chizindikirochi tsiku ndi tsiku chikutanthauza kukonda chinthu. Wachinyamata wa ku Tehran amene amakhalira pafoni amadziwa matanthauzo onse awiri, ndipo pafoni amayembekezera labwinolo. Agogo ake sangakhale otero. N'chifukwa chake mindandanda yongoti "m'dziko lakutilakuti osatumiza ichi" imakokomeza mbali ina n'kuphonya mbali ina. Msinkhu wa munthu, kuzolowera kwake foni, ndi ubale wathu ndi iye zimalemera mofanana ndi dzina la dziko lake.

Ngakhale ntchito yomwe munthu amagwira imasintha tanthauzo. Anthu omira pansi pa madzi ndi mabotolo a mpweya, monga omwe amaonera nsomba za mbuna ku Cape Maclear kapena ku Nkhata Bay, sangathe kulankhulana ndi mawu, choncho amagwiritsa ntchito manja. Kwa iwo mkombero wa zala ndiwo umafunsa kuti "uli bwino?" ndipo umayankhanso kuti "ndili bwino". Chala chachikulu choimika chimatanthauza kuti tiyeni tikwere pamwamba, ulendo watha. Wophunzira watsopano akasangalala ndi nsomba n'kuimika chala chachikulu, mphunzitsi wake amamva kuti akufuna kutuluka m'madzi.

Tingadziwe bwanji kuti zalakwika?

Munthu yemwe wakhumudwa ndi kachithunzi nthawi zambiri sanena, makamaka ngati tanthauzo lake ndi lolaula, chifukwa kulifotokoza n'kochititsa manyazi. Choncho tiyenera kuyang'ana zizindikiro zina. Munthu yemwe ankayankha msanga wayamba kuchedwa, kapena wangowerenga osayankha. Yemwe ankatitchula dzina loyamba wayamba kutilembera ngati kalata ya ku ofesi. Wina wangotumiza chizindikiro cha funso, kapena wafunsa kuti tikutanthauza chiyani. Nthawi zina gulu lonse limangoti zii, kapena ena a dziko lomwelo amaseka pomwe ife sitikuona choseketsa. Zoterezi zikachitika titangotumiza kachithunzi ka dzanja kopanda mawu, tibwerere m'mbuyo tikaone uthenga womwe tidayankhawo, tidzifunse ngati chipongwe chikadakwana pamalopo.

Tikaona kuti chikadakwana, kungochotsa kachithunziko mwakachetechete sikuthandiza, chifukwa mwina wakaona kale, ndipo kuchotsako kungaoneke ngati taponya mwala n'kubisa dzanja. Ndi bwino kumulembera payekha, mwachidule: kwathu chizindikirochi chimatanthauza kuti ndamva ndipo ndavomereza, ndazindikira kuti kwanu chingamveke mwina, pepani. Tisamuuze kuti iye ndiye wamva molakwika. Iye wawerenga molondola m'chilankhulo cha manja a kwawo, monganso ife tidalemba molondola m'cha kwathu.

Kupewa n'kosavuta. Polemberana ndi munthu wa dziko lina yemwe sitidamuzolowere, tiyambe taona tizithunzi tomwe iye amatumiza. Ngati bambo wa ku Brazil amatumiza 👍 nthawi zonse koma 👌 sadatumizepo, watiuza kale zoti tichite. Pa nkhani zitatu zija, chidzudzulo, mkangano ndi kuweruza ntchito ya munthu, tilembe mawu, ngakhale atatu okha, ndipo ngati tikufuna kachithunzi kabwere pambuyo pa mawuwo. Ubwenzi ukakula, tingathe kumufunsa mwini wakeyo kuti kwawo dzanja ili limatanthauza chiyani. Safunsa adadya phula.

Mbali inayo ya nkhaniyi ndi yathu. Tsiku lina ndife amene tidzalandira kachithunzi kotidabwitsa. Mtaliyana akatumiza 🤌, zala zonse zitasonkhana pamodzi, akufunsa kuti ukufuna chiyani kwenikweni, pomwe wa ku Israel kapena wa m'maiko ambiri a Aluya akatumiza komweko akuti dikira pang'ono. Mzungu wachikulire akangotiyankha ndi 👍 titamulembera uthenga wautali waulemu, sikuti watipeputsa, mwina ndi momwe amathokozera. Tisadakwiye, tikumbuke kuti chomwe chafika pafoni yathu ndi nambala chabe, ndipo tanthauzo lomwe tikuonalo taikapo ndife. Kumufunsa kuti amafuna kunena chiyani kumangotenga mzere umodzi.